Supuni imodzi ya chiponde ndi yaikulu bwanji?

*Ndine mayi wa zaka 38, ndimagwira ntchito ya muofesi ku Lilongwe. Miyezi itatu yapitayo ndinaganiza zochepetsa thupi. Ndinasiya shuga mu tiyi, ndipo madzulo ndimadya mtanda umodzi wa nsima m'malo mwa iwiri. Kuti njala isamandivute ndimathira supuni imodzi yokha ya chiponde m'phala la m'mawa, n'kuwazamo timbewu ta mpendadzuwa ndi nthanga za maungu. Masana ndimakukuta kapaketi ka mtedza wokazinga. Koma sikelo yakwera ndi makilogalamu awiri. Tizinthu tochepa chonchi tinganenepetse munthu zoona?*

Tingathe ndithu, mayi, ndipo sikelo yanu sikunama. Chomwe chakupusitsani ndi maso. Zimene munachotsa m'mbale n'zooneka zambiri koma mbali yaikulu yake ndi madzi. Zimene munaikamo n'zooneka zochepa koma n'zouma gwa, ndipo theka lake ndi mafuta enieni.

Mphamvu ya m'chakudya timaiyeza m'makalori. Galamu imodzi ya sitachi kapena ya shuga imapatsa thupi makalori 4. Galamu ya mapuloteni imapatsanso 4. Galamu ya mafuta imapatsa 9, kuposa kuwirikiza kawiri. Madzi sapatsa kalikonse, angochuluka m'mimba basi. Ndiye mukafuna kudziwa ngati chakudya chili ndi mphamvu zambiri pa kamulu kochepa, funsani zinthu ziwiri zokha: muli mafuta ochuluka bwanji, ndipo muli madzi ochuluka bwanji?

Mtedza wouma umayankha mafunso onse awiri moopsa. Pa magalamu 100 a mtedza wosenda, pafupifupi 49 ndi mafuta, 26 ndi mapuloteni, ndipo madzi sakwana ngakhale 7. Mukaukazinga timadzi tija timathawa, n'kutsala mphamvu zokhazokha. N'chifukwa chake mtedza wosakazinga uli ndi makalori pafupifupi 570 pa magalamu 100, pamene wokazinga umafika cha m'ma 585. Tsopano taganizani za nsima. Ufa wouma uli ndi makalori pafupifupi 360, koma palibe amene amabwira ufa. Pophika, ufawo umamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kulemera kwake, ndiye nsima yomwe imafika m'mbale imakhala ndi makalori cha m'ma 120 pa magalamu 100, kuposerapo pang'ono ikakhala yolimba. Kunena mwachidule, kulemera kukafanana, mtedza umaposa nsima pafupifupi kasanu.

Mafutawa simukufunika kuwakhulupirira chifukwa choti ine ndanena. Aliyense amene anasinjapo nsinjiro amawadziwa. Ukasinja bwino ndi kusefa msanga, umapeza ufa wofewa woti utendere ndiwo. Ukangopitiriza kusinja, ufa uja umayamba kunyowa wokha, kumamatira ku munsi ndi pansi pa mtondo, mpaka umasanduka phala lonyezimira. Simunathiremo dontho la chilichonse, koma kwatuluka chiponde. Mafutawo anali m'katimo kale, mwangowaswera tizipinda tawo. Enanso amakumbuka kusukulu, mphunzitsi atabaya njere imodzi ya mtedza pa kawaya n'kuiyatsa ndi machesi: imayaka yokha ngati kandulo, lawi lachikasu, kwa mphindi yathunthu kapena kuposa. Mbamu ya nsima simungaiyatse choncho. Ngakhale pepala lomwe amakulungira mtedza wokazinga pamsika limakuuzani nkhani yomweyo, mukaliyang'ana padzuwa limakhala laonekera mbali ina.

Tiyeni tiwerengere tsiku lanu. Simunayeze, ndiye ndigwiritsa ntchito miyeso yomwe ndimaiona kawirikawiri anthu akamatapa okha.

Mtanda wa nsima wapakatikati umalemera cha m'ma magalamu 200. Amenewo ndi makalori 240. Shuga wa tiyi, titati makapu awiri patsiku, masupuni aang'ono awiri pa kapu, ndi makalori pafupifupi 65, chifukwa kasupuni kosalaza ka shuga ndi magalamu 4 okha. Zonse zomwe munadzimana zikukwana makalori 305 patsiku. Munachita khama, ndipo m'mimba munamvadi kuti china chachoka.

Tsono zomwe zinalowa. Ndiyambe ndi supuni ija, chifukwa m'pamene pali nkhani yaikulu. Supuni yaikulu ya muyeso, yodzaza n'kusalaza pamwamba ndi mpeni, imanyamula magalamu 16 a chiponde, omwe ndi makalori pafupifupi 95. Koma ndani amasalaza chiponde ndi mpeni m'mawa akuthamangira minibasi? Madzi kapena mafuta ophikira akadzaza supuni amatayikira okha, supuni imakuletsa. Chiponde sichitayikira. Chimaima ngati chulu pamwamba, china chimakangamira pansi pa supuni, china pachogwirira. Tsiku lina ndinayesa dala kunyumba kwanga. Ndinatapa momwe ndimatapira masiku onse, mtima uli m'malo kuti ndatenga supuni imodzi, ndipo sikelo inaonetsa magalamu 31. Ine amene ndimaphunzitsa anthu zimenezi! Ndinasalaza ndi mpeni, theka linabwerera m'botolo, ndipo chomwe chinatsala chinaoneka chomvetsa chisoni, ngati ndikupatsa mwana wa mnansi amene sindimukonda. Ndiye supuni yanu "imodzi yokha" ndiitenga ngati magalamu 30, makalori 180.

Timbewu nato sitopepuka. Mpendadzuwa wosenda uli ndi makalori pafupifupi 585 pa magalamu 100, nthanga za maungu zosenda cha m'ma 560 mpaka 575, chitowe 573. Ndi akunyumba imodzi ndi mtedza, chifukwa mbewu iliyonse imasungira kambewu kake kamba wa paulendo, ndipo kamba wosalemera kunyamula ndi mafuta. Supuni yosalaza ya timbewu timeneti ndi magalamu 9 kapena 10, makalori 50 ndi pang'ono. Supuni ya mpendadzuwa ndi ina ya nthanga, mwathira makalori 115 m'phala, koma mukayang'ana m'mbale mumangoona ngati zokongoletsa.

Kapaketi ka masana ndiko kakulu pa zonse. Timapaketi timasiyana, koma komwe mungakhuthulire m'chikhatho kawiri n'kudzaza kamakhala cha m'ma magalamu 60. Amenewo ndi makalori 350. Kuti mupeze makalori omwewo ku mbatata yowiritsa mungadye pafupifupi theka la kilogalamu. Ku nthochi mungadye zinayi. Ku nsima ndi mtanda umodzi ndi theka. Palibe amene angadye nthochi zinayi pa desiki osadziwa kuti wadya, koma mtedza umatha maso ali pa kompyuta, dzanja likungopita ndi kubwera lokha, ndipo pofika 4 koloko munthu angalumbire kuti chidyereni nkhomaliro sanalawe kanthu.

Tikaphatikiza, 180 ndi 115 ndi 350 ndi makalori 645. Mwachotsa 305, mwaika 645. Tsiku lililonse pakutsala makalori 340 amene thupi silinali kuwalandira kale, ndipo ntchito ya pampando siikuwatentha. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Masiku 90 kuchulukitsa ndi 340 ndi 30,600, zomwe papepala zikutanthauza pafupifupi makilogalamu 4.

Inu mwakwera ndi awiri, osati anayi, ndipo kusiyana kumeneku kuli ndi zifukwa zake zoti muzidziwe, chifukwa zikuthandizani kusankha chotsala ndi chochoka.

Choyamba, mtedza umagwiradi m'mimba. Uli ndi mapuloteni ndi zakudya zokakala zomwe zimachedwa kugayika, ndiye mosadziwa muyenera kuti munkachepetsako zina masana kapena madzulo. Pamenepa simunalakwitse, maganizo anu anali abwino.

Chachiwiri n'chakuti mafuta a mu njere yathunthu thupi siliwatenga onse. Ali m'tizipinda ting'onoting'ono tomwe makoma ake m'mimba mwathu simugaya bwino. Mano amaswa tina, tina timadutsa tosasweka mpaka kuchimbudzi. Kafukufuku wina waung'ono wa mu 1980 anayeza zimenezi pa anthu: atadya mtedza wathunthu, pafupifupi magawo 18 pa 100 a mafuta omwe anadya anatuluka osagayika, atadya chiponde anatuluka magawo 7 okha, atadya mafuta oyenga a mtedza sanakwane ngakhale 5. Apa m'pamene chiponde chimasiyana ndi mtedza ngakhale manambala a pa botolo akufanana. Makina kapena mtondo zakutafunirani kale, tizipinda taswekasweka, ndiye pafupifupi zonse zimalowa m'magazi. Chimatsetserekanso pakhosi msanga. Magalamu 30 a mtedza ndi njere pakati pa 35 ndi 60 malinga ndi kukula kwake, ndipo zimatenga nthawi kuti muzitafune. Magalamu 30 a chiponde atha m'masekondi ochepa, kapena asungunukira m'phala osaoneka n'komwe. Koma musatengere pamenepa kuti mtedza wathunthu ndi waulere. Kuchotsera kumeneku kumatsitsa 350 uja kufika mwina cha m'ma 300, osati ku ziro.

Pali zinthu zingapo zomwe anthu amandiuza akafika apa, ndipo ndikudziwa kuti zina zili kale m'mutu mwanu.

"Changa n'chopanga ndekha, mulibe shuga." Zabwino, ndipo ine ndimachikondanso chotere. Koma makalori ake ndi omwewo. Taganizani: chiponde chenicheni chili ndi makalori pafupifupi 6 pa galamu, shuga ali ndi 4. Kampani ikathiramo shuga pang'ono, sikuti yachikweza mphamvu pa supuni, mwinanso yachitsitsako pang'ono. Chopanda shuga n'chabwino pa zifukwa zina, makamaka kwa odwala matenda a shuga, koma pa nkhani ya kunenepa musayembekezere kuti chikupulumutsani. Za pasitolo ndi za pamtondo zonse zimazungulira makalori 590 mpaka 600 pa magalamu 100.

"Ndimakhuthula mafuta oyandama pamwamba." Mumachotsako ndithu, koma ochepa. Supuni ziwiri za mafuta ndi makalori 240 okha pa botolo la magalamu 400 lomwe lili ndi pafupifupi 2,400. Chotsalacho chimalimba ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe, sichipakika, ndiye mumatapa chochuluka kuti chikwane pa buledi. Kuli bwino kungotakasa bwinobwino n'kutapa chochepa.

"Ndimakazinga pa mchenga kapena pa chiwaya chouma, osati m'mafuta." Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, makalori khumi kapena khumi ndi asanu pa magalamu 100. Njere yomwe theka lake ndi mafuta kale ilibe malo ambiri omwera ena. Mitundu ya mtedza nayo imasiyana pang'ono chabe. CG7 wofiira uja amadziwika kuti ali ndi mafuta ochulukirapo kuposa Chalimbana, n'chifukwa chake oyenga mafuta amamukonda, koma pa dzanja limodzi kusiyanako sikungasinthe sikelo yanu.

Chomwe chimasinthadi nambala ndi madzi. Mtedza wauwisi wowiritsa ndi makoko, womwe timadya nthawi yokolola, uli ndi makalori pafupifupi 320 pa magalamu 100 a njere zake, chifukwa wadzaza madzi. Njere iliyonse sinataye mphamvu, yangolemera. Komabe umathandiza m'njira ziwiri: umakhutitsa msanga, ndipo kuswa khoko lililonse kumachedwetsa dzanja. Mulu wa makoko pambali panu umakuuzaninso kuti mwadya zochuluka bwanji, pamene kapaketi kopanda kanthu kamangolowa m'bini n'kuiwalika. N'chimodzimodzi nthanga za maungu zokazinga ndi makoko ake: zimatsika kufika cha m'ma 450, chifukwa khokolo ndi lokakala lopanda mafuta.

Tsopano tipeze nambala yanu yeniyeni, osati yongoyerekeza yangayi. Simukufunika kukhala munthu woyeza chakudya moyo wonse. Mufunika kuyeza kamodzi kapena kawiri kuti maso aphunzire.

Ngati mungapeze kasikelo ka m'khitchini ka manambala, musayeze supuni, yezani botolo. Ikani botolo lotsegula pa sikelo, dinani batani lolembedwa TARE kapena ZERO kuti ioneke 0, kenako tapani monga mwa masiku onse, osadzinamiza chifukwa sikelo ikuonani. Nambala yomwe ituluke, yokhala ndi kamzere kutsogolo, ndi magalamu omwe achoka m'botolo. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti imawerengera ndi chomwe chakangamira pansi pa supuni, chomwe tonse timanyambita tikuimirira. Chulukitsani magalamuwo ndi 6, mwapeza makalori. Lamulo la 6 limeneli limagwira pa banja lonse: mtedza, chiponde, nsinjiro, mpendadzuwa, nthanga zosenda, chitowe. Limapitirira pang'ono pa zina, koma silikusokeretsani.

Ngati sikelo palibe, botolo lenilenilo ndi sikelo. Onani kulemera kolembedwa kunja, lembani tsiku lomwe mwatsegula pa chivindikiro, ndipo muone kuti latha liti. Botolo la magalamu 400 lili ndi masupuni osalaza 25. Ngati mumadya nokha supuni imodzi patsiku, liyenera kukufikitsani masiku 25. Likatha m'masabata awiri, supuni yanu ndi ya magalamu pafupifupi 29, ngakhale mutaikana bwanji. Kunyumba kwa ana njira imeneyi imasokonekera, chifukwa ana ali ndi masupuni awo omwe sitiwaona, ndiye gawani chanu m'kabotolo kena.

Powerenga zolembedwa pa botolo samalani zinthu ziwiri. Mabotolo ambiri, makamaka ochokera ku South Africa, amalemba mphamvu m'muyeso wina wotchedwa kJ, osati m'ma kcal, omwe ndi makalori aja. Mukaona nambala ngati 2,500 pa magalamu 100 musadzidzimuke, gawani ndi 4.2, mupeza cha m'ma 595. Chachiwiri, pambali pake pamakhala mzere wina wa gawo limodzi lodya, ndipo gawolo amasankha ndi opanga, nthawi zambiri magalamu 15 kapena 20. Nambala yake imaoneka yaing'ono yosangalatsa, koma ndi ya supuni yosalaza ija, osati ya chulu chanu. Muzidalira mzere wa magalamu 100 ndi kulemera kwa zomwe mwatapadi.

Simunatchule ndiwo, koma ndikufunsani, chifukwa mtedza wambiri m'nyumba zathu umalowera mumphika. Nkhwani paokha ali ndi makalori pafupifupi 20 pa magalamu 100, tingoti palibe. Mukatendera poto wa anthu asanu ndi magalamu 100 a nsinjiro, pafupifupi kapu ya tiyi, mwathiramo makalori 570, aliyense 114. Zimenezi si zoipa. Poto yemweyo mukanamukazinga ndi masupuni anayi a mafuta ophikira, supuni iliyonse makalori 120, mukanathiramo 480, munthu aliyense 96, popanda mapuloteni alionse. Ndiye kutendera m'malo mwa mafuta n'kusinthanitsa kwabwino kwambiri, ndipo agogo athu ankachita zolondola. Pomwe pamalakwika ndi pamene tikazinga anyezi ndi tomato m'mafuta kaye, kenako n'kutenderanso, kapena kuika ndiwo zotendera pambali pa nkhuku yokazinga. Futali nayenso ndi wokoma, koma dziwani kuti mbatata ikalowa nsinjiro yasiya kukhala chakudya chopepuka chija.

Mphamvu zochuluka pa kamulu kochepazi, zomwe zakuvutani inu, ndi zomwe zimapulumutsa ana. Chiponde cha kuchipatala, chomwe amapatsa ana onyentchera kwambiri, kapaketi kake kamalemera magalamu 92 okha koma kali ndi makalori 500. Amasakaniza mtedza wopera, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe anayamba kuyesera kuchiza ana kunyumba ndi chakudya chimenechi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anasankha mtedza dala: kamimba ka mwana wodwala n'kakang'ono, phala lamadzimadzi limadzaza kamimbako asanapeze mphamvu zokwanira, pamene masupuni ochepa a chiponde amakwanitsa. Komanso popeza mulibe madzi, tizilombo sitiswana msanga. N'chifukwa chake kusikelo ya ana amalangiza kuthira nsinjiro m'phala la mwana. Ndiye botolo lanu musalichotse panyumba. Supuni ya chulu ija ndi yoyenera mwana amene akukula, wodwala amene akuchira, kapena bambo amene walima tsiku lonse. Kwa mayi wa pa desiki amene thupi lake limafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku, zinthu zitatu zija pamodzi zikudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku lonse.

Nanga muchite chiyani? Ine sindikukuuzani kuti musiye mtedza. Mafuta ake ambiri ndi a mtundu wabwino ku mtima, sukweza shuga wa m'magazi msanga ngati buledi kapena mandasi, ndipo ndi ndiwo ya mapuloteni yotsika mtengo kuposa nyama. Mukausiya n'kubwerera ku masikono masana, mwataya. Chofunika n'choti banja lonseli mulione ngati chinthu chimodzi chokhala ndi gawo limodzi patsiku, magalamu pafupifupi 30, makalori 170 mpaka 180. Gawolo mungalidye ngati mtedza, ngati chiponde, ngati timbewu kapena ngati nsinjiro, koma osati zonse tsiku limodzi aliyense ndi gawo lake.

Ndikanakhala inu ndikanagawa chonchi. M'phala, supuni imodzi yosalaza ndi mpeni, magalamu 16, makalori 95. Kuti isaoneke yochepa, isungunuleni kaye m'kapu ndi madzi otentha pang'ono musanaithire, fungo ndi kukoma zimafalikira mbale yonse. Timbewu tisiyeni m'phala la tsiku limenelo, kapena tsiku lina tilowe m'malo mwa chiponde, osati pamwamba pake. Masana, theka la chikhatho cha mtedza wathunthu, magalamu 15 mpaka 20, makalori pafupifupi 100, pamodzi ndi chinthu chamadzi chodzaza m'mimba: nkhaka, gwafa, lalanje, kagawo ka papaya. Ndipo musapite ndi paketi yonse ku desiki. Gawani kunyumba m'kabotolo kakang'ono, chifukwa dzanja silisiya kutapa mpaka litagunda pansi.

Tiwerengenso. Chiponde 95, mtedza 100, chipatso cha m'ma 60, zonse 255. Poyerekeza ndi 645 wa panopa, mwatsitsa 390 patsiku. Poyerekeza ndi momwe munkadyera musanayambe zonsezi, mwachotsa 305 n'kuika 255, ndiye muli pansi ndi 50 okha. Ndikunena izi kuti ndisakunamizeni: kusintha kumeneku kuimitsa kukwera, ndipo makilogalamu awiri aja ayamba kuchoka pang'onopang'ono, koma pakokha sikukutsitsani kwambiri kupyola pomwe munayambira. Kuti mutsike kupitirira apo pafunika kuyang'ananso mafuta ophikira, omwe amaposa ngakhale mtedza, makalori pafupifupi 880 pa magalamu 100, zakumwa zotsekemera, ndi kuyenda. Kuyenda mwandawala ola lathunthu kumatentha cha m'ma makalori 300 kwa munthu wa thupi lapakatikati, ndiye kapaketi ka masana kaja kankafuna ola limodzi ndi mphindi zingapo za msewu tsiku lililonse.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, dziyezeni kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa musanadye, pa sikelo imodzimodzi, ndipo muweruze pakatha masabata anayi. Thupi la mayi limatha kusunga madzi olemera kilogalamu imodzi kapena kuposa masiku oyandikira kusamba, ndipo mtedza wa mchere wambiri umawonjezera zimenezo, choncho nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Tepi ya telala pa mchombo imathandizanso, nthawi zina imasuntha sikelo isanasunthe. Koma ngati thupi likukwera msanga, mapazi kapena nkhope zikutupa, mukubanika mukagona kapena mukakwera masitepe, imeneyo si nkhani ya chiponde, pitani kuchipatala. Ngatinso munayamba mankhwala atsopano kapena jakisoni wolera m'miyezi yomweyi, auzeni achipatala, chifukwa ena mwa iwo amakweza thupi.

Popeza muzidya wochepa, mukhoza kusankha bwino. Mukamakazinga nokha, yambani mwasankha: njere zofota, zakuda, zobooka kapena zachuku tayani, musazisinjire nsinjiro poganiza kuti zibisala. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo moto wa pa chiwaya sumutha. Mchere thirani wochepa, makamaka ngati magazi anu amathamanga. Mtedza wopanda mchere uli ndi mwayi winanso woti sukoka dzanja ngati wamchere.

Mawa m'mawa, musanasinthe chilichonse, tapani supuni yanu monga mwa nthawi zonse, muikande pa mbale yoyera. Tengani supuni ina yofanana nayo, mudzaze kuchokera pa kamulu komweko, musalaze ndi mpeni, n'kuika pambali. Bwerezani mpaka kamuluko kathe, muwerenge kuti atuluka masupuni angati. Akatuluka awiri, masamu a pamwambawa ndi anu. Akafika atatu, wonjezerani 95 pa 645 uja.